Mchere ndi Kandulo: Kumasulira Mutu wa Sayansi Pamene Mawu Akusowa

Buku la sayansi limene mwana wa Sitandade 6 amagwira ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Ulongwe ndi lolembedwa m'Chingerezi. Limachokera ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, bungwe limene limakonza silabasi ndi mabuku a sukulu za pulayimale za boma. Ana ambiri a m'madera amenewa kwawo amayankhula Chiyao, pabwalo la sukulu ndi pamsika amayankhula Chichewa, ndipo Chingerezi amakumana nacho m'kalasi mokha. Motero kumasulira kumachitika tsiku lililonse. Mphunzitsi amawerenga chiganizo cha m'buku, n'kucheukira ana, n'kuyamba ndi mawu akuti, "Apa ndiye kuti..." Zimene wanena pakamwa akhoza kuzikonza mawa akaona kuti ana asokonezeka. Koma munthu amene wakhala pansi kuti alembe mutu wonse m'Chichewa alibe mwayi umenewu. Mawu amene wasankha adzakopedwa pabolodi, adzalowa m'makope, ndipo adzafika kwa ana amene iye sadzawaona n'komwe.

Kusowa kwa mawu a sayansi m'Chichewa kuli ndi mbiri yake. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chichewa, n'kusinthira ku Chingerezi akafika Sitandade 5. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972 kuti lisamale kalembedwe ndi mawu, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Masamu a makalasi a m'munsi adalembedwa m'Chichewa, ndipo olemba ake adangobwereka mawu ambiri n'kuwaveka kalembedwe kathu, monga sikweya ndi thirayango. Katswiri wa kaphunzitsidwe ka masamu, Mercy Kazima, adalembapo za njira imeneyi mu 2008 poyerekeza Malawi ndi Tanzania ndi Nigeria. Koma sayansi yolemera inkayamba pamene Chichewa chinkasiyira. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Choncho mawu a sayansi ya makalasi a kumtunda sadapeze mpata wokhazikika m'mabuku. Womasulira amafika pamalo pamene ena sadalimepo kwenikweni.

Tiyeni titenge mutu umodzi umene umapezeka m'mabuku a sayansi a dziko lililonse, wonena za madzi ndi mpweya: momwe madzi amasinthira maonekedwe, zimene zimasungunuka m'madzi, ndi zimene zili mumpweya. Womasulira wanzeru sayamba ndi chiganizo choyamba. Amayamba wawerenga mutu wonse ndi pensulo m'manja, n'kulemba pambali mawu onse amene bukulo lawapatsa tanthauzo lakelake. Akatero amaona kuti mawuwo agawika pawiri. Ena alibiretu mnzake m'Chichewa, ndipo kusowa kwawo kumaonekera poyera. Ena amaoneka ngati mnzawo alipo, womveka bwino, wodziwika kwa aliyense. Anthu ambiri amaopa gulu loyamba. Ine ndimaopa lachiwiri, chifukwa lili ngati mbuna yofunditsidwa ndi udzu: umayendapo mtima uli m'malo mpaka utagweramo, ndipo ana umagwera nawo limodzi.

Gulu loyamba silichedwetsa. Okosijeni, nayitirojeni, themomita: awa ndi maina a zinthu zimene makolo athu sadazipatule padera kapena kuzigwira m'manja. Njira yabwino ndi kubwereka. Timawalemba monga momwe Mmalawi amawatchulira, phatikizo lililonse kuthera ndi lembo la liwu, ndipo timatsata lamulo lathu loti r amabwera pambuyo pa i ndi e, pamene l amabwera m'malo ena onse. Timasankhanso gulu la dzinalo kamodzi kokha n'kulisunga: ngati tanena kuti "okosijeni amathandiza moto kuyaka," tisadzanene patsamba lotsatira kuti "okosijeni imathandiza." Zizindikiro monga O₂, H₂O ndi °C sizimasuliridwa, chifukwa n'zimodzimodzi padziko lonse.

Pali chiyeso chimodzi apa chimene chiyenera kukanidwa. Pawailesi ndi m'misonkhano ya zachilengedwe tazolowera kumva okosijeni akutchedwa "mpweya wabwino," ndipo kaboni dayokosaidi akutchedwa "mpweya woipa." Mawuwa ndi okoma m'khutu, ndipo mwana wa ku Phalula amawamva msanga. Koma ayeseni m'buku la sayansi muone. Mutu wa zomera ukafika, womasulira adzalemba kuti chimanga chimapanga chakudya chake kuchokera ku madzi, kuwala kwa dzuwa ndi "mpweya woipa." Mwana woganiza adzafunsa kuti woipa bwanji pamene nsima yathu imachokera mwa iwo? Komanso mwana amene waphunzira kuti timapumira mkati mpweya wabwino n'kutulutsa woipa amaganiza kuti mitundu iwiriyi imasinthana kwathunthu. Zoona zake n'zakuti pa magawo 100 a mpweya umene timakoka, pafupifupi 21 ndi okosijeni ndipo 78 ndi nayitirojeni. Umene timatulutsa umakhalabe ndi magawo pafupifupi 16 a okosijeni, ndi 4 okha a kaboni dayokosaidi. N'chifukwa chake kuuzira moto ndi pakamwa kumaukoleza m'malo mouzimitsa.

Dzina limene limafotokozeratu chinthu limafotokoza mbali imodzi yokha, ndipo nthawi zina mbali yolakwika. Ngakhale dzina loti okosijeni lili ndi chilema chotere. Adalipanga ndi Mfalansa Antoine Lavoisier m'zaka za m'ma 1770 kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "wopanga asidi," poganiza kuti asidi aliyense ali ndi mpweya umenewu. Zidadziwika pambuyo pake kuti sizoona. Dzinalo lidapulumuka chifukwa amene amaligwiritsa ntchito samva Chigiriki, ndiye silibweretsa ganizo lolakwika m'mutu mwawo. Kwa mwana wa ku Machinga, okosijeni ndi dzina lopanda katundu, ndipo mphunzitsi akhoza kulisenzetsa tanthauzo loyenera. "Mpweya wabwino" umabwera utasenza kale zake.

Tsopano tifike pa mbuna yeniyeni, mawu oti kusungunuka.

Buku la Chingerezi lili ndi mawu awiri pamene ife tili ndi amodzi. Ana m'kalasi amawatchula kuti "melitingi" ndi "dizovingi." Loyamba limanena za chinthu chimodzi chokha chimene chatenthedwa mpaka kukhala chamadzimadzi: kandulo, majarini, matalala ali m'dzanja. Lachiwiri limanena za zinthu ziwiri, china kulowa mwa chinzake n'kumwazikana mpaka osaonekanso: mchere m'madzi, shuga mu tiyi. Pa Chichewa zonsezi timati zasungunuka, ndipo palibe cholakwika, chifukwa kukhitchini kusiyana kwake kulibe ntchito. Koma mutu wa sayansiwu udalembedwa n'cholinga choti mwana aone kusiyana kumeneku. Womasulira akalemba "kusungunuka" ponseponse, chiganizo chilichonse chidzamveka bwino, wofufuza zolakwika sadzapezapo vuto, koma phunziro lonse lidzakhala litafufutika.

Mmene mungadziwire kuti zafufutika ndi apa. Mchere wa pandiwo umasanduka wamadzimadzi ndi moto ukafika pa 801 °C. Koma mchere womwewo umalowa m'madzi ozizira a pamjigo popanda moto uliwonse, mpaka magalamu pafupifupi 36 pa mamililita 100 a madzi, ndiye kuti ngati masipuni aakulu awiri m'madzi osakwana theka la kapu. Tikamasulira mosasamala, tsamba limodzi lidzati "mchere umasungunuka pa 801 °C," lina lidzati "mchere umasungunuka m'madzi ozizira." Mwana adzasankha chimodzi n'kutaya chinzake, kapena adzaganiza kuti sayansi ndi zoloweza chabe zosafunika kumveka.

Womasulira amayamba wafufuza m'chiyankhulo momwemo, kuona ngati pali mawu ena amene angasenze theka la katunduyu. Alipo oti kuyenga, amene timanena za mafuta ndi chitsulo. Koma timayenganso mafuta a mpendadzuwa ndi a mtedza, pamene palibe cholimba chimene chikusanduka chamadzimadzi ndi moto, ndiye mawuwa angabweretse chisokonezo china. Alipo oti kusakaniza. Koma mchenga nawo timausakaniza ndi madzi, ndipo umangokhala pansi osalowerera. Kuipa kwake, pakamwa timanenanso kuti tasungunula ufa m'madzi, kapena laimu wopakira nyumba, chonsecho zimenezi mukazisiya kanthawi zimakhazikika pansi, madzi n'kuyera pamwamba. Kwa sayansi ufa sudasungunuke konse, wangoyandama m'madzimo. Ndiye kuti mawu athu amodzi aja akuphimba zinthu zitatu.

Njira imene ndimaiona yolimba ndi yosunga mneni wathu koma kumumangirira ku mawu ena amene sadzachokapo. Za kandulo tilembe nthawi zonse kuti "kusungunuka ndi kutentha." Za mchere tilembe kuti "kusungunukira m'madzi," kapena m'mafuta, kapena mu chilichonse chimene chikulandira. Kam'phatikiram'tsinde ka -ir- kameneka kamafuna malo, motero kamakakamiza wolemba ndi wowerenga kutchula chinthu chachiwiri, ndipo chinthu chachiwiricho ndiye mtima wa kusiyana konse. Za ufa tilembe kuti "umangoyandama, kenaka n'kukhazikika pansi," ndipo tinene poyera kuti m'buku lino zimenezo sitizitcha kusungunukira. Lamulo lake ndi loti mawu oti "kusungunuka" asapezeke okha paliponse m'mutuwo, ngakhale m'mafunso a kumapeto, ngakhale pansi pa chithunzi. Kubwerezabwereza kumeneku kumatopetsa wolemba wokonda kukometsa nkhani. Mu nthano kusinthasintha mawu ndi luso, koma m'buku la sayansi mwana akaona mawu atsopano amaganiza kuti ndi chinthu chatsopano.

Mawu okha sakwanira. Pamene chiyankhulo chaphatikiza zinthu ziwiri, womasulira ayenera kupempha mwini buku kapena mkonzi kuti amulole kuwonjezera kandime kakafupi kamene m'Chingerezi mulibe, kotsogolera mwana kuona ndi maso. Zofunika zake zimapezeka pagolosale iliyonse ya ku Liwonde kapena ku Utale. Ikani kachidutswa ka kandulo mu sipuni, mugwirizire pamwamba pa lawi: kasungunuka ndi kutentha. Chotsani palawi, mudikire: kaumanso, kabwerera mwakale. Ikani mchere wouma mu sipuni ina pa lawi lomwelo: ungathetheke pang'ono, koma ukhalabe mchere wa timibulu. Tsopano thirani mchere womwewo m'kapu ya madzi ozizira, mutakase: wasowa, koma mukalawa ulimo. Siyani kapuyo izizire usiku wonse: mchere subwerera. Kuzizira kumabweza chimene chidasungunuka ndi kutentha, koma mchere wosungunukira m'madzi umabwerera pokhapokha madziwo atachoka.

Pa chitsanzo chimenechi pewani shuga ndi tiyi, ngakhale ndi zimene zimabwera msanga m'maganizo. Tiyi ndi wotentha, ndiye mwana adzati shuga wasungunuka ndi kutentha, ndipo mudzakhala mutalimbikitsa ganizo limene mumafuna kulichotsa. Shuga akaikidwa pa sipuni pamoto amachita zamadzimadzi n'kuyamba kupserera, zimene zimasokonezanso. Mchere ndi madzi ozizira sizisiya mpata wokayikira.

Maina ochokera ku mneniyu amafuna kusamala kwina. Chichewa chimabala maina mosavuta: chinthu cholandiracho tikhoza kuchitcha chosungunulira, cholowamocho n'kuchitcha chosungunulidwa. Onsewa ndi olondola, koma akanenedwa mofulumira m'kalasi ya ana ochuluka, ena atakhala kumbuyo kwenikweni, amamveka ngati amodzi. Ndi bwino kuwalemba kamodzi pofotokoza, kenaka m'ziganizo zambiri n'kumangotchula mchere ndi madzi. Dzina la chosakanizika chonsecho, madzi ndi mchere wake pamodzi, ndi bwino kulibwereka: solushoni. Koma womasulira akumbukire kuti mwana yemweyo amamva mawu omwewa pa masamu, pamene amatanthauza njira yopezera yankho. Chiganizo chimodzi chomuchenjeza chimakwanira.

Tanena kuti mchere umabwerera madzi akachoka. Nanga amachoka bwanji, kupita kuti? Apa pali mawu ena ooneka ngati alipo. Timati zovala zauma, timati chitsime chaphwa. Mawu onsewa amanena kuti madzi palibe, koma sanena kumene apita, ndipo mwana akhoza kuganiza kuti alowa pansi kapena angotha. Sayansi ikufuna kunena kuti madziwo akwera mumpweya. Tikhoza kulemba kuti "madzi asanduka nthunzi," ndipo ndi poyambira pabwino. Vuto lake n'lakuti kwa tonsefe nthunzi ndi choyera chija chotuluka mumphika wowira. Mwana amamva kuti popanda kuwira palibe nthunzi. Chodabwitsa n'chakuti choyeracho, kwa sayansi, ndi timadontho ta madzi amene ayamba kale kubwerera. Nthunzi yeniyeni sioneka. Yang'anitsitsani pakamwa pa ketulo yowira: pali kampata kooneka ngati kopanda kanthu, kenaka mtambo woyera umayambira patsogolo pake. Nthunzi ili m'kampatako.

Ana a ku Machinga ali ndi chitsanzo chachikulu kuposa ketulo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje imathiramo, koma njira yaikulu yotulukira madzi ndi ya kumwamba. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zidachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Palibe amene adaiona ikuwira. Madzi ake ali ndi kamchere, chifukwa madzi akamakwera mumpweya amasiya m'mbuyo zonse zimene zidasungunukiramo, monga momwe zichitikira mukasiya madzi amchere m'mbale padzuwa. Choncho womasulira alembe kuti "nthunzi yosaoneka," ndipo anene momveka kuti madzi amasanduka nthunzi yosaoneka ngakhale asanawire, pang'onopang'ono, makamaka kukakhala dzuwa ndi mphepo. Kubwerera kwake alembe kuti "nthunzi yosaoneka ikazizira imasandukanso madzi," ndipo atchule mame a m'mawa ndi madontho a kunsi kwa chivundikiro cha mphika.

Kodi maina obwereka, ivapoleshoni ndi kondenseshoni, alowemo? Alowe, koma pambuyo pa kufotokoza, osati patsogolo. Chifukwa chake ndi mayeso. Mwanayu akafika Sitandade 8 adzalemba mayeso a MANEB a sayansi m'Chingerezi, ndipo ku sekondale sayansi yonse idzakhala m'Chingerezi. Buku la Chichewa limene lingabise mainawa lingamuthandize lero n'kumutaya mawa. Ndondomeko yake ikhale yoti chinthu chioneke, chifotokozedwe m'mawu athu, kenaka dzina liperekedwe, ndipo kumapeto kwa mutu kukhale mndandanda waufupi wogwirizanitsa mawu a Chichewa ndi a m'buku la Chingerezi. Kusiyana kwake ndi okosijeni n'kwakuti zochitika zimafotokozeka bwino ndi aneni, ndipo Chichewa ndi cholemera pa aneni. Maina a zinthu ndiwo amabwerekedwa osavuta.

Pali chinthu china chimene womasulira wochokera ku Dowa kapena ku Kasungu akhoza kuiwala. Chichewa chimene mwana wa ku Nayuchi kapena ku Chikweo amachidziwa ndi cha pamsika, cha pawailesi ndi cha m'kalasi. Mawu akale ozama, ofukulidwa mu mtanthauziramawu kuti atseke mpata, kwa iye ndi achilendo mofanana ndi a Chingerezi, ndipo sadzamuthandiza pa mayeso. Kwawo madzi ndi mesi, mchere ndi njete. Akuphunzira sayansi m'chiyankhulo chachiwiri kuti adzailembe m'chachitatu. Pakakhala kusankha pakati pa liwu lachikale lokongola ndi mawu atatu wamba, mawu atatu wambawo ndiwo oyenera. Ndi chanzerunso kukhala pansi ndi mphunzitsi woyankhula Chiyao, kumuwerengetsa mndandanda wonse wa mawu mokweza, kuti anene ngati lina likumveka mofanana ndi liwu la Chiyao la tanthauzo lina, kapena lochititsa manyazi.

Kuyesa kwenikweni kumachitika ndi ana. Kuwafunsa kuti "mwamva?" n'kutaya nthawi, chifukwa onse adzayankha mwaulemu kuti eya. Kuwauza kuti abwereze tanthauzo nakonso kumangoyesa kuloweza. Apatseni chinthu chimene m'mutumo mulibe. Afunseni kuti sopo akatha m'beseni lochapira, wasungunuka ndi kutentha kapena wasungunukira m'madzi? Nanga phula la njuchi losiyidwa padenga la malata masana? Nanga madzi a pa simenti yokolopa apita kuti, popeza simenti siinawire? Ana ambiri akayankha molakwika mofanana, cholakwacho si chawo: pali liwu m'mutumo limene likuwatsogolera kumeneko, ndipo mukawafunsa chifukwa chake adzalitchula okha. Akalakwa mosiyanasiyana, ndiye kuti kufotokoza n'kumene kwachepa, ndipo mawuwo akhoza kukhala.

Si mawu onse amene amagonja. M'mutu womwewu muli magulu atatu a zinthu, amene timakonda kuwamasulira kuti zolimba, zamadzimadzi ndi zampweya. Lachiwiri limabala chiganizo chozungulira choti "madzi ndi amadzimadzi," koma tikatchula palafini ndi mafuta ophikira mwana amamva. Loyamba ndilo louma mutu. Mwana wa ku Balaka amene amathyola thonje m'munda akauzidwa kuti thonje lili m'gulu la zolimba adzakana, ndipo pa Chichewa iyeyo ndiye akulondola, chifukwa thonje ndi lofewa. Chimodzimodzi nsima, siponji ndi ufa. Chimene sayansi ikunena si kulimba kwa mwala, koma kuti chinthucho, kapena kambulu kake kalikonse, chili ndi maonekedwe akeake ndipo sichiyenderera monga madzi. Kulemba kuti "zosayenderera" kumagwa pa mchenga ndi ufa, zimene zimathirika kuchoka m'thumba. Pamenepa ndi bwino kubwereka, kulemba kuti solidi, n'kuika thonje, nsima ndi mwala pamndandanda umodzi kuyambira pa chitsanzo choyamba, kuti mwana aone msanga kuti gululi silikunena za kufewa kapena kulimba.